Ndalama zikamasowa mu Excel chifukwa cha mpatuliro, kadontho kapena mpata

Vutoli limabuka kawirikawiri kumapeto kwa chaka, pamene msungichuma wa sosaite ya maliro kapena wa komiti ya kutchalitchi akuphatikiza ndalama za nthambi zonse. M'kaundula wa pamanja muli chiwerengero china, ndalama zimene zinafikadi zikugwirizana ndi kaundulayo, koma Excel ikupereka chiwerengero chochepa kwambiri. Palibe amene wadya ndalama. Chimene chachitika ndi chakuti manambala ena kompyuta sinawawerenge n'komwe, ndipo ena yawawerenga molakwika, chifukwa cha tizizindikiro tolekanitsa masauzande timene otumizawo anaikamo.

Ife a kuno ku Harare vutoli limatipeza kwambiri chifukwa abale athu ali mbali zonse, ndipo mbali iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Ku Malawi amalemba K1,250,000.00, mpatuliro ukulekanitsa masauzande ndipo kadontho kakuyambitsa matambala. M'mabanki ndi m'masitolo a kuno kalembedwe n'komweko, US$1,250.00. Koma mwana amene akuphunzira masamu m'sukulu za kuno amalemba theka ngati 0,5 ndipo masauzande amawalekanitsa ndi mpata, choncho m'nyumba imodzimodzi ku Mufakose mutha kupezeka kalembedwe kamitundu iwiri. Ku Joni kalembedwe ka boma ndi ka mpata ndi mpatuliro, R1 250,00, ngakhale ambiri kumeneko amaikabe kadontho. Ku Tete, kumene basi ya ku Blantyre imadutsa ikachoka pa Nyamapanda, amatsata Chipwitikizi: 1.250,00 kapena 1 250,00. Kadontho kamene kwa ife kamayambitsa masenti, kwa iwo kamalekanitsa masauzande.

Nkhani ya nthambi zisanu

Tiyerekeze kuti sosaite ili ndi nthambi zisanu ndipo iliyonse yatumiza pa WhatsApp chiwerengero cha zopereka zake za chaka chonse, zonse m'madola a ku America. Msungichuma wazikopa monga zinabwerera n'kuziika mu kolamu B, pa laputopu imene inatcheredwa kuti kadontho ndiye ka masenti.

```
B2  Harare     1,250.00
B3  Joni       1 800,50
B4  Tete       2.400
B5  Bulawayo   950
B6  Blantyre   1,500
```

Munthu akaphatikiza ndi cholembera, podziwa chimene nthambi iliyonse imatanthauza, apeza 7,900.50. Koma `=SUM(B2:B6)` ipereka 3,702.40. Zasowa 4,198.10, ndipo zasowera malo awiri, m'njira ziwiri zosiyana. Kusiyanitsa njira ziwirizi ndiye ntchito yonse, chifukwa imodzi imaonekera msanga pamene inayo imabisala.

Yoonekera msanga ndi ya ku Joni. Excel itaona 1 800,50 sinaizindikire ngati nambala, ndiye inangoisunga ngati mawu, monga mmene ingasungire dzina la munthu. `SUM` ikapeza mawu mu kolamu imawadumpha mwakachetechete, osadandaula. Chizindikiro choyamba ndi mbali imene nambalayo yatsamira: manambala enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Chizindikirochi chimanama ngati wina anaika zonse pakati pofuna kukongoletsa tebulo, ndiye njira yodalirika ndi kuwerengetsa.

```
=COUNT(B2:B6)
=COUNTA(B2:B6)
```

Yoyambayo imawerenga timabokosi tokhala ndi manambala enieni, yachiwiri imawerenga tonse timene muli kanthu. Apa zipereka 4 ndi 5. Zikasiyana choncho dziwani kuti kabokosi kena kali ndi mawu, ndipo `=ISNUMBER(B3)` ikakuyankhani `FALSE` mwakapeza. Musadikire kachizindikiro kobiriwira kamene nthawi zina kamaoneka pakona ya kabokosi. Kameneko kamabwera Excel ikaona kuti mawuwo akufanana ndi nambala ya kalembedwe kake, ndipo 1 800,50 pa laputopu iyi siikufanana nayo.

Kukonza kwake ndi kuiuza Excel kalembedwe ka wotumizayo. Fomula ya `NUMBERVALUE`, imene ilipo kuyambira mu Excel ya 2013, imafuna zinthu zitatu motsatizana: mawuwo, chizindikiro cha masenti, ndi chizindikiro cha masauzande.

```
=NUMBERVALUE(B3,","," ")
```

Izi zipereka 1800.5, nambala yeniyeni. Ikakana n'kulemba `#VALUE!` pamene zonse zikuoneka zolondola, kawirikawiri mpata umene uli pakati pa 1 ndi 800 si mpata wamba. Manambala okopedwa pa intaneti, mu PDF kapena mu kompyuta yotcheredwa Chijoni amabwera ndi mpata wina womata, umene maso sangausiyanitse ndi wamba. Mpata umenewo nambala yake ndi 160, ndipo pali wina wopyapyala wa nambala 8239. Uchotseni kaye.

```
=NUMBERVALUE(SUBSTITUTE(B3,UNICHAR(160),""),",",".")
```

Ikakanabe, ikani 8239 pamalo pa 160.

Tsopano, mutalemba 1800.5 mu B3, chiwerengero chafika pa 5,502.90, ndipo timabokosi tonse tisanu ndi manambala. Koma zikusowabe 2,397.60. Apa ndi pamene ambiri amathera usiku wonse, chifukwa palibe kabokosi kotsamira kumanzere, palibe `FALSE`, chilichonse chikuoneka bwinobwino. Vuto lili pa mzere wa ku Tete. Wotumizayo analemba 2.400 kutanthauza madola 2,400, koma Excel inawerenga madola awiri ndi masenti 40, n'kutaya maziro awo. Mukayang'ana m'kabokosimo mupeza 2.4 kapena 2.40, nambala yovomerezeka ndithu, yongochepa kuwirikiza 1,000.

Pali kasamu kothandiza kuigwira. Tengani ndalama zimene zikusowazo muzigawe ndi 999. Yankho likakhala nambala imene ilipo mu kolamu yanu, imeneyo ndiyo yaphwanyika. Apa 2,397.60 kugawa ndi 999 ikupereka 2.4 ndendende. Chifukwa chake n'chosavuta: pamene panayenera kukhala 2.4 kuchulukitsa ndi 1,000 pali 2.4 kamodzi kokha, ndiye zotsalazo ndi 999. Ngati mizere yophwanyika ndi iwiri kapena itatu, yankholo likhala kuphatikiza kwa timanambala tating'onoto. Ngati mulibe chiwerengero cha m'kaundula choti mufanizire, sanjani kolamuyo kuyambira yaing'ono n'kudzifunsa ngati nthambi yonse ya ku Tete ingapereke madola awiri pa chaka.

Musathamangire `NUMBERVALUE` pa kabokosi kameneka. Fomulayi imagwira bwino pamene 2.400 idakali mawu ndi maziro ake onse. Pamene Excel yaisandutsa kale 2.4, fomulayo ingochotsa kadontho n'kukupatsani 24, ndipo mwangowonjezera bodza lina pa loyambalo. Bwererani ku uthenga umene unabwera, muonetsetse chimene wotumizayo ankatanthauza, mulembe 2400 ndi manja. Pofuna kuti zisadzachitikenso, kolamu yolandirira manambala a anthu ena muziitchera kukhala `Text` musanaikemo kanthu: sankhani kolamuyo, dinani `Ctrl+1`, sankhani `Text`. Chilichonse chimene mungalembemo chikhala monga chinabwerera, ndipo mu kolamu yoyandikana nayo muzisandutsa mzere uliwonse malinga ndi kumene wachokera. Wa ku Tete ndi `=NUMBERVALUE(B4,",",".")`, wa ku Blantyre ndi `=NUMBERVALUE(B6,".",",")`. Ine ndimakonda makolamu awiriwa kusiyana ndi kufufuta n'kulembanso, chifukwa pa msonkhano wina akafunsa kuti nambala iyi yachokera kuti, zimene nthambi inatumiza zili pomwepo.

Kudziwa chimene wolembayo amatanthauza

Manambala ambiri amadziulula okha. Mukaona zizindikiro ziwiri zosiyana mu nambala imodzi, chomalizacho ndicho cha masenti: 1,250.00 ndi 1.250,00 ndi ndalama zofanana. Chizindikiro chimodzimodzi chikabwera kawiri, monga 1.250.000, ndi cha masauzande basi, chifukwa cha masenti sichibwerezedwa. Chikabwera kamodzi n'kutsatidwa ndi manambala awiri kapena imodzi, monga 1800,50, ndi cha masenti.

Chovuta ndi chimodzi chokha: chizindikiro chimodzi chotsatidwa ndi manambala atatu, monga 2.400 kapena 1,500. Palibe fomula imene ingathetse zimenezi. Pa ndalama za dola, randi kapena kwacha, manambala atatu kumapeto nthawi zambiri amasonyeza masauzande, popeza masenti amakhala awiri. Koma ikakhala reti yosinthira ndalama, kulemera kwa katundu kapena malita a mafuta, 1,500 itha kukhala imodzi ndi theka. Imbani foni mufunse kuti, amalume, apa mukunena masauzande awiri ndi mahandiredi anayi? Kenako apempheni kuti ulendo wina azimalizitsa ndi masenti ngakhale palibe, 2.400,00, chifukwa akatero nambalayo singawerengedwenso molakwika ndi wina aliyense.

Kuika masauzande pa manambala anu

Tsopano mbali inayo. Muli ndi nambala yopanda chizindikiro, 7900.5 kapena 14375000, ndipo mukufuna iwerengeke mosavuta. Polemba ndi dzanja, yambirani pa kadontho ka masenti kapena pa nambala yomaliza, muwerenge atatuatatu kubwerera kumanzere. 14375000 ikhala 14,375,000. Amene amayambira kumanzere amatulutsa 143,750,00, ndipo wowerenga sadziwa ngati maziro awiri omalizawo ndi matambala.

Mu Excel musalembe zizindikirozi ndi manja. Lembani nambala yokha, kenako dinani `Ctrl+1`, sankhani `Number`, chongani `Use 1000 Separator`, ndipo `Decimal places` ikhale 2. Njira yachidule ndi `Ctrl+Shift+1`. M'kabokosi muoneka 7,900.50, koma mukakadina n'kuyang'ana kamzere ka pamwamba mupeza 7900.5. Nambala ili chikhalire, zizindikirozo ndi malaya chabe amene mwaiveka.

Malayawo si fayilo imene imasankha mtundu wake. Imasankha ndi kompyuta imene yatsegula fayiloyo, ndipo apa ndi pamene madandaulo ambiri amachokera. Mlembi atenga fayilo yomweyo n'kuitsegula pa laputopu imene mwana wake anamugulira ku Joni, n'kuona 7 900,50 pamene msungichuma amaona 7,900.50. Palibe chimene chaonongeka, ndipo asayambe kukonza. Laputopuyo inatcheredwa `English (South Africa)`, ndiye ikuonetsa manambala m'kalembedwe ka kumeneko. Choopsa chimabwera mlembiyo akayamba kulembamo zatsopano mwa chizolowezi cha kuno. Akalemba 1,500 pa laputopu imeneyo, ilowa ngati imodzi ndi theka. Akalemba 1,250.00, ilowa ngati mawu.

Kuti mudziwe mmene kompyuta yatcheredwera, lembani `=1/2` m'kabokosi kopanda kanthu. Ikaonetsa 0.5 ndi ya kadontho, ikaonetsa 0,5 ndi ya mpatuliro. Pofuna kusintha mu Excel mokha, pitani ku `File`, `Options`, `Advanced`, chotsani chongi pa `Use system separators`, n'kulemba zizindikiro zimene mukufuna m'timabokosi tiwiri tam'munsi mwake. Kusinthaku kumakhala pa kompyutayo ndipo kumakhudza mafayilo onse amene mungatsegule, sikuyenda ndi fayilo mukaitumiza. Pofuna kusintha kompyuta yonse, pitani ku `Control Panel`, `Region`, `Additional settings`, kumene kuli `Decimal symbol` ndi `Digit grouping symbol`. Pomwepo yang'ananinso `List separator`. Ikakhala `;` ndiye kuti mafomula onse ali pamwambawa muzilekanitsa zigawo zake ndi `;`, monga `=NUMBERVALUE(B4;",";".")`, apo ayi Excel iwakana. Google Sheets ndi yosiyana pa nkhaniyi: kalembedwe kamakhala m'fayilo momwemo, pa `File`, `Settings`, `Locale`, ndipo aliyense wotsegula amaona zofanana.

Ena pofuna mpata amapita ku `Custom` n'kulemba `# ##0` pa kompyuta ya kadontho. Pa manambala ang'onoang'ono zimaoneka ngati zatheka, 7900 ikhala 7 900. Yesani 14375000, muona 14375 000. Pa kompyuta imeneyi mpatawo Excel yautenga ngati chilembo wamba choika pamalo amodzi, sinautenge ngati cholekanitsa masauzande.

Kusankhira wowerenga

Lipoti likamapita kwa anthu, funso ndi lakuti ndani awerenge. Loperekedwa pa msonkhano kuno kapena lopita kumudzi ku Mulanje kapena ku Dedza, lembani 7,900.50. Ndi mmene anthu amaonera pa malisiti a kubanki ndi m'mauthenga a ndalama pa foni, ndipo gogo amene akuwerengeredwa sasokonezeka. Lopita ku Tete, 7.900,50. Lopita ku Joni, 7 900,50.

Likakhala lipoti limodzi lopita kwa onse, monga uthenga wa pa gulu la WhatsApp, ine ndimasankha mpata pa masauzande, chizindikiro chimodzi cha masenti m'lipoti lonse, ndi masenti awiri pa nambala iliyonse: 7 900.50 komanso 2 400.00. Mpata palibe dziko limene limauwerenga ngati masenti. Ndi chifukwa chake msonkhano wa mayiko woona za miyezo unagwirizana mu 1948 kuti manambala aatali azigawidwa atatuatatu ndi mpata, osati ndi kadontho kapena mpatuliro, ndipo mu 2003 unanenanso kuti chizindikiro cha desimo chitha kukhala kadontho kapena mpatuliro malinga ndi chizolowezi cha malo. Amene anagwirako ndalama yapepala ya 100 thiriliyoni ya mu 2009 akukumbukira kuti maziro ake 14 anagawidwa ndi mipata. Koma pa cheke, pa lisiti yolemba ndi dzanja kapena pa chikalata cha ngongole sindingaike mpata, chifukwa munthu wachinyengo atha kulowetsapo nambala ina. Pamenepo ikani mpatuliro, mulembenso ndalamazo m'mawu.

Musaiwale dzina la ndalama. Kuchokera mu Epulo 2024 kuno tili ndi ZiG pambali pa dola ya ku America, ndiye chizindikiro cha $ chokha sichikwanira. Lembani US$, ZiG, R, K kapena MT pa nambala iliyonse.

Pofuna kupanga uthenga wokopera pa foni, gwiritsani `TEXT`. Tinene kuti chiwerengero chonse chili mu C7, pa kompyuta ya kadontho.

```
="US$"&TEXT(C7,"#,##0.00")
```

Izi zipereka US$7,900.50. Mukaiwala `TEXT` n'kungolumikiza "US$" ndi C7 mupeza US$7900.5, chifukwa kulumikiza kumatenga nambala yokha. Wa ku Joni mumusinthire zizindikiro ziwiri, ndipo dongosolo lake n'lofunika: mpatuliro usanduke mpata kaye, kenako kadontho kasanduke mpatuliro.

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(TEXT(C7,"#,##0.00"),",",UNICHAR(160)),".",",")
```

Mukayamba ndi kadontho mupanga 7,900,50, ndipo kusintha kwachiwiri kufufuta mipatuliro yonse iwiri n'kusiya 7 900 50. Ndaika mpata womata uja dala, kuti nambala isaduke pakati mzere ukatha, 7 kukhala pamwamba, 900,50 pansi. Wa ku Tete zizindikiro zikusinthana malo, choncho pamafunika chilembo chogwirizira.

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(TEXT(C7,"#,##0.00"),",","x"),".",","),"x",".")
```

Zotuluka m'mafomula atatuwa ndi mawu, zowerenga ndi maso basi. Muziziika mu kolamu yakeyake imene `SUM` siikhudza. Muzizikopanso pa kompyuta yomweyo imene munazipangira, chifukwa `TEXT` nayonso imatsata matcheredwe a kompyuta, ndipo fayilo ikatsegulidwa pa laputopu ya Chijoni ija zotuluka zitha kusintha. Lipoti lomalizidwa ndi bwino kulitumiza ngati PDF, momwe zizindikiro sizisuntha.

Pamene simuyenera kuika kalikonse

Fayilo ya CSV ndi mawu okhaokha, ndipo mpatuliro ntchito yake m'menemo ndi kulekanitsa makolamu. Mzere wolembedwa `Harare,1,250.00` utsegulidwa ngati makolamu atatu, Harare, 1 ndi 250.00. Excel ikamasunga CSV imalemba manambala monga akuonekera pa sikirini n'kuwatsekera m'zizindikiro za `"`, koma si pulogalamu iliyonse yolandira imene imawawerenga bwino akatero. Musanasunge CSV yopita kubanki kapena ku pulogalamu ya malipiro, chotsani chongi pa `Use 1000 Separator` kuti mutuluke 1250.00, ndipo mutsegule fayiloyo mu Notepad muone zimene zalembedwadi. CSV yochokera kwa ena musaitsegule pongoidina kawiri, chifukwa 2.400 ija isanduka 2.4 musanaione n'komwe. Ilowetseni kudzera pa `Data`, `From Text/CSV`, `Transform Data`, ndipo pa kolamu ya ndalama musankhe `Change Type`, `Using Locale`, n'kutchula dziko la wotumizayo. Ngati pulogalamuyo yadzisankhira kale mtundu wa kolamuyo, fufutani kaye sitepe ya `Changed Type` imene ili kumanja.

Potumiza ndalama pa foni kapena podzaza kabokosi ka ndalama pa intaneti, lembani manambala okhaokha ndi chizindikiro cha masenti chimene malowo akufuna, ndipo muwerenge uthenga wotsimikizira musanavomere.

Chaka, nambala ya foni, ya akaunti, ya lisiti ndi ya chiphaso si ndalama. Mukasankha tebulo lonse n'kudina `Ctrl+Shift+1`, 2025 isanduka 2,025.00 ndipo nambala ya lisiti idzala mipatuliro. Makolamu amenewa akhale `Text` kuyambira pachiyambi. Akakhala manambala, Excel imataya ziro yoyambirira ya nambala ya foni, ndipo pa nambala yopitirira manambala 15 imasunga 15 oyambawo n'kusandutsa otsalawo maziro, moti nambala ya khadi ya manambala 16 imataya yomalizayo. Kusintha kabokosi kukhala `Text` pambuyo pake sikuibweza, muyenera kuilembanso kuchokera pa pepala.